Mafunso ndi mayankho: kukana malo ogona kapena lifiti pa ulendo osakhumudwitsa amene akulandirani

Mayankho ali m'munsimu ndi othandiza munthu amene akupita kudera kumene kuli abale, apongozi, anzake akale kapena a mpingo wake, koma ali ndi chifukwa chake chofunira kukagona ku loji kapena kudziyendera pa basi. Tikukamba za maulendo a m'Malawi muno, a m'tauni ndi a kumudzi omwe.

N'chifukwa chiyani anthu amakhumudwa mlendo akanena kuti akagona kwina? Kodi si kuwapeputsira ntchito kumeneko?

Kwa inu ndi kuwapeputsira, koma kwa iwo nkhani si ya bedi. Wachibale akafika m'dera lawo n'kukagona kolipira, eni khomo amadzifunsa mafunso atatu ngakhale sawatchula: kodi nyumba yathu waiona yonyozeka, kodi pali mangawa amene sakutiuza, nanga anthu ati chiyani? Funso lachitatuli ndi limene alendo ambiri salilingalira. Oyandikana nawo nyumba adzamva kuti mwana wa mlongo wawo anabwera m'tauni muno masiku atatu osagona pakhomo, ndipo manyaziwo amagwera eni khomo pamene inu mwabwerera kale kwanu. Kumudzi zimafika patali, chifukwa mlendo amene wakana chakudya ndi malo omwe ena amamuona ngati akuwaganizira zoipa, za mankhwala kapena za ufiti.

Ndiye ntchito yanu pokana ndi kuyankha mafunso atatuwo asanawafunse. Muwapatse chifukwa chimene sichikukhudza nyumba yawo, mulandire china chake kwa iwo m'malo mwa bedilo, ndipo muonekere pakhomopo masana kuti anthu akuoneni mukudya nawo.

Nthawi yabwino yowauza ndi iti?

Asanawononge kanthu. Kulandira mlendo kuli ndi ndondomeko yake, ndipo sitepe iliyonse ikadutsa kukana kumakulirakulira. Choyamba amagwirizana kuti mlendo agona chipinda chiti, kawirikawiri ana ndi amene amasamutsidwa kukagona pabalaza kapena kwa anzawo. Kenako amachapa zofunda, mwina kubwereka matiresi kapena neti ya udzudzu kwa oyandikana nawo. Tsiku lofikalo amagula ndiwo kapena kugwira nkhuku, ndipo madzulo amatereka madzi osamba. Nkhuku ikazingidwa, nthawi yokana chakudya yatha. Ana akasamutsidwa ndipo pogona payalidwa, nthawi yokana malo mosavuta yathanso.

Choncho nenani pa foni yomweyo imene mukuwadziwitsa za ulendo, patatsala masiku atatu kapena sabata. Imbani, musangolemba uthenga. Kwa munthu wamkulu uthenga wa pa foni wonena kuti simugona kwawo umawerengeka mouma, pamene pakuimba amamva mawu anu ndipo amatha kukukakamizani pang'ono monga mwa mwambo, inu n'kuyankha.

Cholakwa chofala ndi kuyankha kuti "tiona tikafika" pamene mwalipira kale chipinda. Mawu amenewa eni khomo amawamva ngati mwavomera, ndipo amayamba kukonzekera.

Mungapereke chitsanzo cha mmene nkhani yonse ingayendere?

Titenge munthu wogwira ntchito ku Lilongwe amene akupita ku Mzuzu ku maphunziro a kuntchito a masiku atatu, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi. Amalume ake amakhala ku Chibavi, ndipo kuntchito akonza kuti onse agone pamalo amodzi pafupi ndi kumene kukuchitikira maphunzirowo. Ulendo wa Lilongwe mpaka Mzuzu ndi wa makilomita oposa 300 kudzera ku Kasungu ndi Jenda, ndipo pa basi umadya pafupifupi theka la tsiku, choncho afika Lolemba madzulo atatopa.

Lachinayi kapena Lachisanu la sabata yapitayo aimbe foni. Ayambe ndi moni wonse, afunse za azakhali ndi ana, asathamangire nkhani. Kenako anene motere: "Amalume, sabata yamawa ndibwera kumeneko ndi za kuntchito. Akuntchito atikonzera kale kogona tonse pamodzi chifukwa tizidzayamba m'mamawa ndipo galimoto izidzatitengera pamalo amodzi. Koma sindingafike ku Mzuzu osakuonani. Lachitatu ndikaweruka ndibwera kudzadya nsima kwanuko, azakhali andisungire mbale."

Taonani mmene mawuwa aikidwira. Nkhani ya kogona yabwera ngati chinthu chokonzedwa kale ndi ena, osati chimene iye wasankha poyerekeza ndi nyumba ya amalume. Tsiku lodzacheza latchulidwa, si "ndidzapeza nthawi". Ndipo iye ndiye wapempha chakudya, kutanthauza kuti wawabwezera udindo wawo wa eni khomo.

Amalume adzati, "Iyayi, mwana wanga sangagone ku loji ine ndilipo." Ayankhe mofatsa: "Ndikudziwa amalume, kwanu ndi kwathu. Ulendo uno wokha ndi wa eni ake. Ndikadzabwera pa tchuthi ndidzafikira pakhomo pomwepo." Lolemba akafika awaimbire kuti wafika bwino. Lachitatu apite dzuwa lisanalowe, atanyamula shuga, buledi kapena botolo la mafuta ophikira, asambe m'manja, adye, akhale maola awiri kapena atatu osayang'ana wotchi. Akamupatsa nthutumba adye, imeneyo ndi ya mlendo wolemekezeka. Ponyamuka alole kuti msuweni wake amuperekeze mpaka pokwerera. Lachisanu akafika ku Lilongwe aimbenso.

Chimene chimawononga ndondomeko imeneyi n'chimodzi: kulephera kupita Lachitatulo. Amene wakana malo kenako osaonekera pa chakudya chimene analonjeza watsimikizira zonse zimene eni khomo ankaopa. Ngati maphunziro atalika, aimbe masana ndiwo zisanaphikidwe, asinthire Lachinayi.

Ndi zifukwa ziti zimene zimamveka bwino, nanga zopweteka ndi ziti?

Zomveka ndi zimene zili kunja kwa mphamvu yanu ndi kunja kwa nyumba yawo. Malo akonzedwa ndi akuntchito kapena a mpingo. Muli pagulu ndipo simungasiye anzanu. Basi yanu inyamuka mbandakucha ndipo mukufuna kugona pafupi ndi depoti. Muziweruka usiku kwambiri ndipo simukufuna kumagogoda anthu atagona. Muli ndi chifuwa ndipo pakhomopo pali khanda.

Zopweteka ndi zimene zikuyeza nyumbayo, ngakhale zitanenedwa mwachikondi. "Kwanu n'kopanikiza kale", "ana agona pati", "magetsi kwanuko amavuta", "ine sindigona pamphasa", zonsezi zimamveka ngati mukuwerenga umphawi wawo. Ngakhale mawu ooneka aulemu akuti "sindikufuna kukuvutitsani" ndi ofooka akakhala okha, chifukwa yankho lake n'lodziwika: "Palibe vuto, mlendo ndi mame." Atatero mwasowa poimira, ndipo mukapitiriza kukana zimaoneka kuti chifukwa chenicheni mwabisa.

Perekani chifukwa chimodzi basi. Wounjika zifukwa zinayi amamveka ngati akuzemba, ndipo eni khomo amayamba kuzithetsa chimodzichimodzi: basi ya m'mamawa adzakuperekezani, kiyi wa pakhomo akupatsani, ndi zina zotero.

Kodi kunama pang'ono n'kolakwika?

M'matauni athu anthu amadziwana, ndipo bodza la kogona silichedwa kuululika. Mukanena kuti akuntchito akulipirirani pamene mwadzilipirira, kapena kuti mwabwerera tsiku lomwelo pamene wina akuonani m'mawa pamsika, mlandu wake umaposa wa kukana. Chimene mungachite ndi kusankha choonadi chimene mungachitchule. Ngati chifukwa chenicheni n'chakuti mukufuna kupuma panokha, n'zoonanso kuti muli ndi ntchito yolemba usiku, kapena kuti mwalipira kale chipinda ndipo ndalamayo sibwezedwa. Tchulani chimenecho, chinacho sungani.

Akapitiriza kukakamira, ndikane kangati?

Kukana koyamba sikuwerengedwa, chifukwa aliyense amadziwa kuti mlendo waulemu amayamba wakana. Eni khomo amabwereza kuti aone ngati ndi manyazi chabe. Pa kachiwiri bwerezani chifukwa chomwecho, mawu omwewo, osawonjezera china. Akafika kachitatu, siyani kufotokoza n'kutembenukira ku zimene mwavomera: "Ndiye Lachitatu ndifike nthawi yanji?" Ambiri amalekera pamenepo.

Ngati ndi agogo kapena munthu wamkulu kwambiri amene mukuona kuti zawakhudzadi, pali njira yogawa. Gonani kwawo usiku umodzi, makamaka womaliza, masiku enawo kumalo kwanu. Usiku womaliza ndi wabwino kuposa woyamba. Mukagona woyamba kenako n'kusamuka, zimaoneka ngati mwaona china chake chosakusangalatsani m'nyumbamo.

Ndafika kale, ndapeza ayala ndipo madzi osamba ali pamoto. Nditani?

Pokhapokha pali chiopsezo chenicheni, gonani. Ndalama ya usiku umodzi ku loji imene mutaye ndi yochepa poyerekeza ndi kuchoka pakhomo pamene ana asamutsidwa chifukwa cha inu. Imbirani kumene munasungitsa chipinda muwauze kuti mufika mawa, ndipo m'mawa pa tiyi fotokozerani eni khomo ndondomeko ya masiku otsalawo.

Ngati simungathe ndithu, mwina chifukwa mankhwala kapena katundu wa ntchito ali kumaloko, musalengeze pagulu. Itanirani pambali mwini khomo, mufotokoze mwachidule, mupepese chifukwa chosanena msanga. Kenako mukathokoze mayi a pakhomopo panokha, popeza ndi amene achapa ndi kuyala. Idyani kaye musananyamuke.

Nanga pa maliro?

Apa mwambo ndi wolimba kuposa kwina konse. Usiku wa maliro asanaikidwe anthu amagona pasiwa, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, ndipo kugonako ndi mbali ya kulira. Palibe amene akukupatsani malo ngati mlendo, choncho kunena kuti mwapeza kogona kwabwino sikumveka. Wachibale wapafupi amene wapita ku loji usiku umenewo amakambidwa kwa nthawi yaitali. Nyamulani chitenje, bulangete kapena jekete yokhuthala, makamaka mu Juni ndi Julaye kumadera ozizira ngati Dedza, Ntcheu ndi Mzimba, mukhale pamodzi ndi anzanu.

Amene akudwala, woyembekezera, wokalamba kapena amene ali ndi khanda amamveka. Iyeyo auze mmodzi wa akuluakulu a banja kapena amene akuyendetsa mwambo, akhale mpaka usiku ndithu nyimbo zili mkati, achoke mwakachetechete, ndipo m'mawa kwambiri akhale atabwerera. Woyendetsa galimoto amene mawa lake ayenda mtunda wautali angathenso kukagona m'galimoto pafupi pomwepo, palibe amene amadandaula nazo. Maliro akaikidwa, masiku otsatirawo mukhoza kugona kwina monga pa ulendo wina uliwonse.

Kwa apongozi ndikane ndekha?

Ayi. Anene ndi mwana wawo. Mkamwini kapena mtengwa akakana yekha zimamveka ngati akunyoza kumene anakwatira, pamene mwana wa pakhomopo akhoza kukangana ndi mayi ake nkhani n'kuthera pomwepo. Ngati banja silinalowe m'ndondomeko, chinkhoswe chisanachitike, kugona kwina ndiye ulemu weniweni, ndipo makolo ambiri sayembekezera kuti mugone pakhomo.

Tibwere ku lifiti. Wina wadzipereka kundiperekeza pa galimoto yake koma ndikufuna kukwera basi.

Lifiti ndi yopepukirapo kukana, chifukwa aliyense amadziwa mtengo wa mafuta, ndipo ambiri amene amadzipereka amamva kupepukidwa mukawamasula. Choyamba siyanitsani mitundu iwiri. Pali amene akupita komweko ndipo ali ndi mpando wopanda munthu. Pali amene adzutsa galimoto chifukwa cha inu basi.

Kwa woyambayo, chifukwa cha nthawi chimakwana: mwagula kale tikiti, kapena muli ndi poti muime panjira, mwachitsanzo mutsika pa Ntcheu kukaona munthu pamene iye akupitirira ku Blantyre. Muuzeni dzulo lake kuti mpandowo apatse wina. Chimene chimakhumudwitsa apa si kukana koma kumusiya akudikira ndi kuimba foni m'mawa pamene inu muli kale m'basi.

Kwa wachiwiriyo, chepetsani mphatsoyo m'malo moikana yonse. "Mpaka kunyumba n'kutali achimwene, mungondisiya pa depoti, kumeneko ndikwera basi." Iye wakuthandizani, anthu aona kuti mlendo wake sanayende pansi ndi chikwama, ndipo mafuta apita ochepa. Ku Blantyre kungakhale kukusiyani pa Wenela, kumudzi kungakhale kukufikitsani pamsewu wa tala.

Woyendetsayo wamwa mowa, kapena galimoto yadzaza mopyola. Ndikane bwanji osamuchititsa manyazi?

Apa ulemu uli pa kanenedwe kokha, yankho silisintha: musakwere. Zimachitika kawirikawiri pochokera ku ukwati kapena ku chinkhoswe, pamene amalume amene akhala akumwa kuyambira masana atulutsa makiyi n'kunena kuti onse a ku tauni akwere. Musamuuze pagulu kuti waledzera, chifukwa munthu woledzera akachititsidwa manyazi amalimbikira kuti aonetse kuti akhoza kuyendetsa. Dzichotseni ndi chifukwa chanu: "Tsogolani, ine nditsalira kuthandiza kulongedza," kapena "Ndagwirizana kale ndi wa takisi, ali m'njira." Kenako muitanedi wa takisiyo.

Koma kudzipulumutsa nokha sikukwana ngati m'galimotomo mukukwera ana ndi amayi. Pezani munthu amene woyendetsayo amamumvera, mkazi wake, mkulu wake kapena mnzake wa msinkhu wake, kuti amulankhule pambali. Njira imene imagwira ntchito ndi kumupatsa ulemu m'malo momulanda: "Madala, mwatopa lero, lolani mnyamatayu ayendetse inu mupume kutsogoloku." Izi zimatheka ngati pali wina amene ali ndi laisensi ndipo sanamwe. Pa malo otere ndi pamene kukana lifiti kumakukakamizani kuvomera malo ogona, ndipo kugona pamphasa pakhomopo n'kwabwino kuposa ulendowo.

Za galimoto yodzaza, monga kumbuyo kwa lole kapena pikapu pamene anthu akhala pamwamba pa matumba, chifukwa chili poyera ndipo palibe amene amakhumudwa: "Malo achepa, akwere amayiwa, ine ndibwera pambuyo." Za usiku, kumbukirani kuti kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane, ndipo misewu ikuluikulu ngati M1 usiku imakhala ndi oyenda pansi, njinga zopanda nyale ndi magalimoto owonongeka oima m'mbali. Kunena kuti "ine usiku sindiyenda, ndinyamuka m'mawa" ndi lamulo lanu, silikunyoza kayendetsedwe ka munthu.

Ndine mayi, ndikuyenda ndekha, ndipo bambo amene sindikumudziwa bwino akukakamira kunditenga kapena kundisunga kwake.

Simuli ndi ngongole ya kufotokoza kwakutali. "Zikomo kwambiri bambo, alipo amene akudzanditenga," n'kutembenuka. Musatchule dzina la loji imene mukugona. Ngati ndi wa kuntchito kapena wa mpingo amene mudzakumana nayenso, lowetsanipo munthu wachitatu: mukwera pokhapokha mnzanu akwerenso, kapena mudzacheza kwawo masana mayi a kunyumba alipo. Wa zolinga zabwino amavomera msanga. Amene wakwiya chifukwa mwatchula mkazi wake kapena mnzanu wakupatsani chifukwa chokwanira chokanira, ndipo za kukhumudwa kwake musade nazo nkhawa.

Kodi kuperekezedwa nakonso ndingakane?

Musakane. Kuperekeza mlendo sikudya ndalama, ndipo ndi kumene eni khomo amatsanzikira bwinobwino, nthawi zina nkhani yeniyeni imakambidwa panjira pomwepo. Mwana akanyamula chikwama chanu mulekeni anyamule. Mukayenda kamtunda, imani n'kunena kuti "bwererani apa, mwandiperekeza," iwo adzapitirira pang'ono kenako n'kubwerera. Akakuitanirani kabaza amene amamudziwa, kwerani ameneyo. Ngati amulipira kale musalimbane nawo pamaso pa wa kabazayo.

Chimodzimodzi kamba wa paulendo. Mtedza, nthochi, mbatata, thumba la ufa kapena nkhuku yamoyo, landirani ndi manja awiri. Ngati thumba lakulemerani kukwera nalo minibasi, pemphani kuti akupungulireni, osati kulisiya lonse.

Ndisiye ndalama kuti ndiwapepese?

Ndalama yoperekedwa nthawi yomweyo imene mukukana imaoneka ngati mukugula ufulu wanu, kapena mukuwauza kuti vuto lawo ndi umphawi. Siyanitsani ziwirizi. Katundu wa kukhitchini perekani pofika, kwa mayi a pakhomo. Ngati mukufuna kusiya ndalama, perekani potsanzika, mutaipinda, ndi dzina lake: ya sopo ya agogo, ya makope a ana. Pa lifiti imene mwavomera theka, kwa mnzanu wa msinkhu wanu mukhoza kuthirako mafuta pa filingi siteshoni. Kwa munthu wamkulu kapena bwana, kutulutsa ndalama kumamuchepetsa, kuthokoza ndi kumuimbira mutafika n'kokwanira.

Ndidziwa bwanji kuti akhumudwa, popeza sanganene?

Mverani yankho lawo. Amene wamvetsa amapitiriza nkhani, amafunsa kuti lojiyo ili pati, amakuuzani njira yachidule, amakuseka kuti mwasanduka bwana. Amene wakhumudwa amafupikitsa: "Chabwino, zikomo," kapena "Mmene mwaoneramo," foni n'kutha msanga. Zizindikiro zina zimabwera pambuyo. Ana satumidwa kudzakuperekezani, simupatsidwa kamba pamene kale munkapatsidwa, kapena mayi anu kumudzi akuimbirani kufunsa kuti mwalakwirana chiyani ndi amalume anu. Uthenga ukadzera kwa munthu wachitatu chotero, dziwani kuti nkhaniyo yakambidwa kale m'banja.

Kukonza kwake si kufotokozanso chifukwa chija. Ngati mukadali m'deralo, pitani pakhomopo osaitanidwa, nthawi ya chakudya, mukhale nthawi yaitali kuposa imene munakonza. Ngati mwabwerera kale, imbani pasanathe masiku awiri, mufunse za pakhomo, ndipo munene mwachindunji kuti "ulendo uja unandithina, sindinakhale nanu mokwanira, pepani." Amene anakubweretserani uthengayo muuzeninso kuti mwaimba, kuti akafikitse kumene unachokera. Ulendo wotsatira wopita kuderalo mufikire kwawo ngakhale usiku umodzi, ndipo muwauze patatsala sabata kuti akonzekere.